Za Mapangidwe a Nyali ya Dzuwa ndi Phindu Lake kwa Wogula

Inu anyamata ndi asungwana amene mwadzisankhira ntchito yoyenda ndi nyali za dzuwa m'misika, m'makwalala ndi m'midzi, ndikupemphani kuti mutchere khutu pa nkhani imodzi yokha, imene ngakhale ioneka yaing'ono, ndiyo isiyanitsa wogulitsa amene anthu amuitana kuti abwerenso ndi wogulitsa amene anthu amubisalira akamuona patali. Nkhaniyo ndi iyi: pofotokozera munthu za nyali, pali mawu onena za mapangidwe a nyaliyo, ndipo pali mawu ena onena za phindu limene munthuyo adzapeza akaigula, ndipo ngakhale mawu awiriwa atuluka pakamwa pamodzi, nakamba za chinthu chimodzi, sali amodzi ayi.

Mapangidwe ndiwo zonse zimene nyali ili nazo yokha, ngakhale isanagulidwe ndi munthu aliyense: kukula kwa batire lake, mphamvu ya kapanelo kake kotchera dzuwa, kuwala kwa babu lake, kutalika kwa chingwe, ndi kabowo kolowetsapo waya wa foni. Zimenezi zalembedwa pa katoni, zikhoza kuyesedwa, ndipo sizisintha kaya nyaliyo yagulidwa ku Limbe kapena ku Nthalire. Koma phindu ndilo kusintha kumene kudza m'nyumba ya munthu chifukwa cha mapangidwe aja: ndalama imene saitayanso, mtunda umene sauyendanso, ntchito imene atha kuigwira dzuwa litalowa. Phindu sililembedwa pa katoni, pakuti iye amene adapanga nyaliyo kutsidya kwa nyanja sadziwa nyumba ya mayi amene waima patsogolo panu, sadziwa ana ake, sadziwanso chimene chimusowetsa tulo. Chotero mapangidwe muwaphunzira kamodzi ndipo mwatha, koma phindu muyenera kulifunafuna mwatsopano pa munthu aliyense amene mwakumana naye.

Kuti tisayende m'malere, tiyeni titenge nyali imodzi ya mtundu umene upezeka kawirikawiri, tiiike pakati pathu ngati chitsanzo. Tiyerekeze kuti pa katoni yake palembedwa kuti batire lake ndi la 2200 mAh, kapanelo kake ndi ka mawati 2 kokhala ndi chingwe cha mamita 5, ili ndi kabowo ka USB, ndipo iwala m'magawo atatu: kuwala kwakukulu kwa malumeni 150, kwapakati kwa malumeni 60, ndi kwakung'ono kwa malumeni 25. Zimenezi zonse nzoona, ndipo wogulitsa ayenera kuzidziwa pamtima. Koma taonani chimene chichitika mnyamata akaima pa msika nayamba kuzilakatula zonsezi kwa agogo amene abwera kudzagula mchere: agogowo amvetsera mwaulemu, agwedeza mutu, nati, "Chabwino mwanangu, ndibweranso," ndipo sabweranso. Sadakane nyaliyo, adangosowa pogwira, chifukwa pa zonse zimene zidanenedwa panalibe ngakhale chimodzi chimene chidalowa m'nyumba mwao.

Njira yochokera ku mapangidwe kufika ku phindu ili ndi masitepe awiri, ndipo ambiri aimira pa loyamba. Sitepe loyamba ndilo kusandutsa nambala kuti ikhale chinthu chimene munthu achidziwa kale. Kandulo mmodzi awala pafupifupi malumeni 12. Tsono kuwala kwakung'ono kwa nyali yathu kufanana ndi makandulo awiri, kwapakati kufanana ndi makandulo asanu, ndipo kwakukulu kufanana ndi makandulo 12 oyatsidwa pamodzi. Batire lija likadzaza, lisunga mphamvu yokwanira kuyatsa kuwala kwakukulu kwa maola ngati 5, kwapakati maola ngati 12, ndi kwakung'ono maola ngati 30. Apa munthu wayamba kumva, koma sitinafike. Sitepe lachiwiri ndilo kufunsa funso limene wogula ali nalo mumtima ngakhale salinena: nanga zimenezo zindithandiza chiyani ineyo? Ndipo funso limeneli simungaliyankhe musanamufunse iye mwini za moyo wake. Akulu adati safunsa adadya phula. Musanatsegule katoni, funsani modzichepetsa kuti madzulo aunikira chiyani, atayirapo ndalama zingati pa sabata, foni atchajitsa kuti, ndi ntchito yanji imene mdima uwalanda.

Tiyambe ndi kumudzi, kumene kuli anthu ochuluka a dziko lathu. Ogulitsa ambiri afika m'mudzi atakonzekera kudzudzula koloboyi ndi utsi wa palafini, osadziwa kuti m'nyumba zambiri koloboyi adachokamo kale. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 adasonyeza kuti mabanja oposa theka m'Malawi muno ankaunikira ndi matochi ndi nyali za mabatire, ndipo amene ankaunikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse. Kotero mukanena kwa bambo wakumudzi kuti nyali yanu ilibe utsi, mwanena zoona, koma mwina mwanena phindu la munthu wina, pakuti tochi yakenso ilibe utsi. Chimene chimupweteka iye ndi mabatire amene atha msanga, kuwala kumene kuyamba bwino Lolemba nikufiira pofika Lachinayi, ndi ulendo wa kumsika wokatchajitsa foni.

Tiyerekeze tsono kuti mwafunsa bambo wotere, ndipo wakuuzani kuti pa sabata agula mabatire a K1,000, ndipo atchajitsa foni yake yaing'ono ya mabatani kawiri, kulipira K200 ulendo uliwonse. Nambala zimenezi ndaziika monga chitsanzo chabe, pakuti mitengo isintha, ndipo inu mudzagwiritsa ntchito zimene wogula wakuuzani ndi pakamwa pake. Muwerengere naye limodzi, pansi ndi kamtengo ngati kuyenera kutero: K1,000 kuphatikiza K400 ndi K1,400 pa sabata. Ngati nyali yathu igulidwa K35,000, ndiye kuti pakutha pa masabata 25, imene ili miyezi yosakwana 6, ndalama imene akadapereka kwa wamabatire ndi kwa wotchaja mafoni idzakhala itafanana ndi mtengo wa nyali, ndipo kuyambira pamenepo K1,400 ija idzatsala m'nyumba sabata ndi sabata, yogulira sopo, mchere kapena makope a ana. Onani kusiyana kwake. Kunena kuti nyali ili ndi batire lodzazidwa ndi dzuwa ndiko kunena mapangidwe. Kunena kuti pofika nthawi yokolola bamboyo adzakhala atasiya kugula mabatire, ndipo ndalama yake idzakhala itabwerera, ndiko kunena phindu. Ndipo popeza nambalazo zachokera kwa iye mwini, sadzazikayikira monga akayikira mawu a munthu wamalonda.

Ngati m'nyumbamo muli mwana wa Sitandade 8 amene akonzekera mayeso, kuwala kwapakati kuja kwa maola 12 kusanduka nkhani ina. Kuno kwathu dzuwa lilowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo mwana wakumudzi, makamaka wamkazi, amaliza ntchito za pakhomo mdima utagwa kale. Maola 12 ndiwo usiku utatu wa kuwerenga maola anayi anayi, ndi kuwala kumene sikufiira monga kuchitira tochi. Limenelo ndi phindu loona, ndipo mulinene molimba mtima. Koma musapitirire mpaka kunena kuti mwanayo adzakhoza mayeso, pakuti palibe chilichonse m'mapangidwe a nyali chimene chingalonjeze zimenezo; nyali ipereka maola owerengera, ndipo zotsalazo nza mwana, aphunzitsi ndi makolo.

Pali chinthu china chimene ogulitsa achidumpha chifukwa chioneka chopanda ulemerero, ndicho chingwe cha mamita 5 chija. Nyali zina zili ndi kapanelo komatiridwa pamsana pake, kotero kuti nyali yonse iyenera kukhala padzuwa tsiku lonse. Ndipo banja limene lipita kumunda m'mamawa liyenera kusankha pakati pa kuisiya pabwalo popanda woiyang'anira, kapena kuitsekera m'nyumba osadzaza. Koma ndi chingwe chachitali, kapanelo kakhala padenga, chingwe chilowa pazenera kapena pansi pa tsindwi, ndipo nyali ikhala m'nyumba yokhoma, kutali ndi akuba, ndi mbuzi, ndi ana osewera, kutalinso ndi kutentha kwa dzuwa kumene kukalambitsa batire msanga. Mayi amene adabedwapo kanthu pakhomo pake adzamva phindu limeneli msanga kuposa nkhani yonse ya malumeni.

Tsopano tinyamule nyali yomweyo, osasinthapo kanthu, tipite nayo m'tauni. Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi mudzapeza mayi wogulitsa tomato, usipa ndi mafuta oyezera pa benchi m'mbali mwa njira, amene malonda ake ayenda kwambiri nthawi imene anthu aweruka ku ntchito, ndiyo nthawi yomweyo imene mdima ugwa. Kwa iye masabata 25 aja si nkhani yaikulu, ndipo kuwala kwapakati sikumukwanira. Chimene afuna ndi kuwala kwakukulu, kuti odutsa aone kufiira kwa tomato wake ali patali, kuti iye aone bwino ndalama imene walandira ndi chenji imene abweza, ndi kuti mphepo ikaomba asathamangire machesi monga achitira ndi kandulo. Mumufunse kuti atseka nthawi yanji tsopano, ndi kuti akadatseka nthawi yanji kukadakhala kowala. Akati atseka 7 koloko koma akadafika 9 koloko, pamenepo mwapeza phindu lake: maola awiri a malonda tsiku ndi tsiku, ndipo iye adziwa bwino kuposa inu ndalama imene ilowa pa maola awiri amenewo. Maola 5 a kuwala kwakukulu akwanira kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko, natsalako ounikira panjira ndi pophika.

M'tauni momwemo muli munthu wachitatu, amene nyumba yake ili ndi magetsi a ESCOM. Kwa iye kunena kuti nyali ipulumutsa ndalama za mabatire nkulankhula kumbali, chifukwa sagula mabatire. Iye akumbukira miyezi yambiri ya kuzimazima kwa magetsi imene idatsata namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene madzi osefukira a mu Shire adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nilitaya pafupifupi mamegawati 130. Phindu lake ndi lakuti magetsi akazima chakudya chili pamoto, kapena mwana akulemba ntchito ya kusukulu, m'nyumba simukhala mdima, ndipo sayatsanso kandulo pafupi ndi makatani ndi maukonde a udzudzu. Anthu atatu, nyali imodzi, katoni imodzi. Koma mawu amene mwayenera kulankhula ndi atatu osiyana, ndipo wogulitsa amene waloweza mawu amodzi oti anene kwa onse adzalasa mmodzi naphonya awiri.

Ndifika tsopano pa mbali imene indilemera mumtima koposa zonse. Wogulitsa akazindikira kuti phindu ndilo likopa anthu, pabwera chiyeso chakuti aiwale mapangidwe, nayambe kulonjeza phindu limene nyaliyo singathe kupereka. Ndipo kulakwa kumeneku nkoipa kuposa kulakatula manambala kuja, chifukwa woyamba uja angotaya malonda a tsiku limodzi, koma wachiwiriyu atayitsa wosauka ndalama imene adaisunga miyezi yambiri. Phindu lililonse limene mutchula liyenera kukhala ndi mapangidwe amene alichirikiza, monga denga likhalira pa nsanamira zake, ndipo pamene nsanamira ithera, pomwepo mawu anunso athere.

Taonani mmene zichitikira. Pa katoni alemba ndi zilembo zazikulu kuti nyali iyaka mpaka maola 30, ndipo pambali alemba kuti iwala malumeni 150. Zonse ziwiri nzoona, koma sizichitika nthawi imodzi: maola 30 ndi a kuwala kwakung'ono kwa makandulo awiri, ndipo kuwala kwakukulu kutha pa maola 5. Wogulitsa amene aonetsa mayi wa tomato uja kuwala kwakukulu, nanena pomwepo kuti iyaka maola 30, sadaname ndi liwu lililonse palokha, komabe wamunyenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimodzimodzinso ndi kabowo ka foni. Nyali ilibe nkhokwe ziwiri, ina ya kuwala ndi ina ya foni. Batire ndi limodzi, ndipo chimene foni yatenga, babu lataya. Foni yaing'ono ya mabatani ili ndi batire la pafupifupi 1000 mAh, ndipo popeza mphamvu ina itayika panjira potchaja, kuidzaza kudya theka la batire la nyali yathu, kapena kupitirira pang'ono. Kwa bambo wakumudzi uja, amene atchaja kawiri pa sabata nawerengera mwana wake pa kuwala kwapakati, zimenezi zilibe vuto, makamaka akatchaja masana kapanelo kali padzuwa. Koma mayi wa pa benchi akatchaja foni madzulo, maola ake 5 asanduka awiri ndi theka, ndipo nyali izima makasitomala ali pamzere. Nanga bambo wa m'tauni uja, amene foni yake yaikulu ili ndi batire la 5000 mAh? Nyali yathu ngakhale itapereka zonse zimene ili nazo, singaidzaze ngakhale theka. Kwa iye mawu oona ndi akuti nyaliyi idzatsitsimutsa foni yakufa kuti aimbe ndi kutumiza uthenga, koma ngati afuna kuidzaza tsiku ndi tsiku, agule nyali ya batire ndi panelo zokulirapo. Mukatero mwina mudzagulitsa chinthu chodula koposa, mwina simudzagulitsa kanthu. Koma simudzakhala mutanena chimene mudziwa kuti sichidzachitika.

Malire ena ndi a dzuwa lenilenilo. Kapanelo ka mawati 2, pa tsiku loyera bwino, katakhala poyera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kangotsala pang'ono kudzaza batire limene lidatheratu. Kalibe mphamvu yambiri yotsalira. Tsono m'masiku a mvula ya mswera ya Januwale ndi Febuluwale, kapena m'masiku a chiperoni cha Juni ndi Julayi ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, pamene mitambo iphimba thambo masiku angapo motsatizana, batire likhoza kulandira theka la chakudya chake kapena kucheperapo. Musanene kuti nyali iyaka chimodzimodzi chaka chonse. Nenani kuti m'masiku a mitambo aziyatsa kuwala kwapakati kapena kwakung'ono, ndipo foni idikire tsiku la dzuwa. Pamenepo magawo atatu a kuwala aja, amene pa katoni anali nambala chabe, asanduka phindu lenileni, lakuti ngakhale nyengo ya mvula m'nyumba simudzada konse.

Mudzazindikira kuti mawu anu adapitirira mapangidwe pamene munthu abwerera pasanathe mwezi nati, "Nyali yanu ija yafa." Musafulumire kukangana naye, musafulumirenso kuvomereza, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mufunse kumene aika kapanelo: ngati mthunzi wa mtengo wa mango kapena wa denga ukaphimba ngakhale mbali imodzi yokha, mphamvu yake itsika kwambiri, ndipo kuseri kwa galasi la zenera sikalandira dzuwa lokwanira. Kayenera kugona chopendekera pang'ono, koyang'ana kumpoto, chifukwa ife tili kummwera kwa dziko lapansi, ndipo fumbi la chilimwe lizipukutidwa ndi kansalu konyowa. Mufunsenso kuti patsiku atchajapo mafoni angati, chifukwa kwathu kuno nyali ikalowa m'nyumba imodzi, mafoni a abale ndi anansi atsata, ndipo mwini nyumba achita manyazi kuwakaniza. Mukatha kufunsa, yesani pamodzi: kapanelo kakhale padzuwa loyera masiku awiri popanda kuyatsa nyali kapena kutchaja foni, kenaka muyatse kuwala kwakukulu ndi kuwerenga maola. Ikafika pafupi ndi maola 5, nyali ili bwino, ndipo chimene chidalakwika ndi mawu amene adauzidwa pogula. Ikazima patangopita ola limodzi, vuto lili m'batire, m'chingwe kapena m'kapanelo, ndipo munthuyo ayenera kukonzeredwa kapena kusinthiridwa.

Apa mpamene chitsimikizo cha wopanga, chimene ambiri atchula kuti walanti, chionetsa ntchito yake. Kunena kuti nyali ili ndi walanti ya chaka chimodzi kapena ziwiri ndiko kunena mapangidwe a malondawo. Phindu lake ndi lakuti nyali ikaonongeka yokha m'nthawi imeneyo, ndalama ya munthu siinalowe m'madzi. Koma phindu limeneli likhalapo pokhapokha munthuyo adziwa kumene angakupezeni, ndipo ali ndi lisiti m'manja. Kwa wa m'tauni, amene sitolo ili pafupi, nkosavuta; kwa wakumudzi, amene ndalama ya ulendo wa ku boma ikhoza kuyandikira mtengo wa nyali, walanti yopanda munthu wofikirika ndi pepala chabe. Palinso bungwe lotchedwa VeraSol, limene lipitiriza ntchito imene idayambidwa ndi Lighting Global ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, loyesa nyali zotere kuti lione ngati kuwala ndi maola olembedwa pa katoni ndi oona. Ndipo ndikulangizani kuti posankha katundu woyenda naye, mufunse amene akupatsani katunduyo ngati nyalizo zidayesedwa motero, chifukwa kuwerengera konse kumene tachita lero kwatsamira pa manambala a pa katoni, ndipo akakhala abodza, phindu limene mulonjeza likhalanso labodza ngakhale inu muli oona mtima.

Chotero pomaliza malonda, musanalandire ndalama, lembani pa lisiti dzina la nyali, tsiku logula, tsiku limene walanti idzatha, nambala yanu ya foni, ndi tsiku la msika limene mupezeka m'deralo. Kuseri kwake lembani mizere itatu ya maola a kuwala kwakukulu, kwapakati ndi kwakung'ono, ndi mzere wachinayi wonena kuti kutchaja foni kuchepetsa maolawo. Ndipo ngati wogulayo sadziwa kuwerenga, muwerengereni pamaso pa mwana wake wa sukulu kapena pa mnansi amene wabwera naye.